Kumvetsera zimene anthu akunena za malonda anu

Madzi amene anthu a mumzinda wa Zomba amatunga pampopi amachokera pamwamba pa phiri, ku damu la Mulunguzi. Amatsika m'mapaipi, amayeretsedwa, kenako bungwe la Southern Region Water Board limawagawa m'madera monga Matawale, Chikanda, Sadzi ndi Chinamwali. Mapaipi ambiri ali pansi pa nthaka. Paipi ikaphulika usiku, woyamba kudziwa nthawi zambiri sakhala injiniya. Amakhala mayi amene wadzuka m'bandakucha, watsegula mpopi, n'kupeza kuti uli gwa.

Mayiyo sathamangira ku ofesi. Amafunsa oyandikana nawo, amalemba pa gulu la WhatsApp la m'dera lawo, mwina mwana wake amadandaula pa Facebook. Kutchera khutu ku mawu otere, amene anthu akuuzana okhaokha osati kuuza inu, ndiyo ntchito imene tiphunzire lero. Makampani akuluakulu amalemba anthu ntchito yomweyi.

Ntchitoyi imayamba ndi kusankha mawu ofufuza. Pa Facebook pali malo olembapo mawu amene mukufuna, ndipo foni imakuonetsani zimene anthu alemba poyera zokhala ndi mawuwo. Dzina limodzi silikwana, chifukwa anthu amalemba mosiyanasiyana. Wina alemba Mulunguzi, wina Mlunguzi, wina SRWB, wina angoti "a wotabodi" kapena "madzi asiya". Wofufuza dzina lolembedwa bwino lokha amaphonya madandaulo ambiri.

Kupeza mawuwo n'kosavuta. Luso lagona pa kuwawerenga. Tiyerekeze kuti pofika 7 koloko m'mawa anthu 12 adandaula, ndipo onse ndi a ku Chikanda. Ndiye kuti vuto lili pa paipi yopita kumeneko, ndipo amisiri adziwa koyambira. Koma ngati 12 omwewo amwazikana, ena ku Matawale, ena ku Sadzi, ena ku Chinamwali, vuto liyenera kuti lili kumtunda, pa paipi yaikulu kapena kumalo oyeretsera madzi. Chiwerengero n'chimodzimodzi, koma malo ndi amene aloza gwero la vuto. N'chifukwa chake pa dandaulo lililonse timalemba tsiku, dera, ndi chimene munthuyo wanena.

Samalani ndi uthenga umodzi umene wangotumizidwa paliponse. Chithunzi cha madzi amatope chingafike m'magulu 20, chikhalirecho chinajambulidwa pa mpopi umodzi, mwinanso chaka chatha. Umenewo ndi umboni umodzi basi. Anthu atatu osadziwana, aliyense akunena m'mawu akeake, amaposa uthenga umodzi wobwerezedwa kambirimbiri.

Tsono musati izi n'za mabungwe okha. Taganizirani mayi wogulitsa sitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe. Alibe kompyuta, koma ali ndi kope ndi cholembera. Madzulo aliwonse amalemba zimene wamva kwa ogula, kwa anyamata a kabaza, ndi kwa amene amamuoda pafoni. Patatha milungu iwiri awerenga. Anthu asanu anena kuti zipatso za pansi pa mbale zimafika ku Blantyre zitanyenyeka. Mmodzi yekha wati mtengo wakwera. Atatu afunsa ngati amapanga jamu.

Mayiyu asathamangire kutsitsa mtengo chifukwa cha munthu mmodzi, ngakhale analankhula mokalipa. Asanu aja ndi amene amuonetsa vuto lenileni: akuunjika zipatso zambiri m'mbale yakuya, ndipo za pamwamba zikupsinja za pansi. Agwiritse ntchito mbale zosaya. Atatu aja amupatsa nzeru yatsopano, chifukwa zipatso zopsa kwambiri zimene ankataya zingathe kuphikidwa jamu. Akasintha mbale apitirize kulemba. Dandaulo lija likazimiririka m'kope, adziwa kuti wakonzadi.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ine ndimaona kuti awa ndiwo ofunika kuwakumbukira. Zokambirana za pa WhatsApp sizioneka kwa munthu wakunja. Mumangomva za m'magulu amene mulimo. Kulowa gulu la eni mozemba kuti muzimvera zawo si khalidwe, ndipo akakutulukirani sadzakukhulupiriraninso. Komanso amene amalemba pafoni ndi amene ali ndi foni yamakono ndi ndalama ya bandulo. Agogo amene akhala masiku atatu opanda madzi mwina sadzalemba kalikonse. Choncho zapafoni ziphatikizidwe ndi zomva pamsika, pachigayo, pamalo otungira madzi ndi pa mapologalamu a wailesi amene anthu amaimba foni.

Sabata ino tengani kope, mujambule mizere itatu: tsiku, malo, ndi zimene zanenedwa. Musalembe mayina a anthu. Lembani chilichonse chimene mwamva chokhudza malonda kapena ntchito yanu, chabwino ndi choipa chomwe, ndipo mubwere nalo kopelo ku kalasi kuti tidzawerengere limodzi.