Kulemba nkhani yopeka ngati ikuchitika pompano: mafunso ndi mayankho

Kodi kulemba nkhani m'nthawi yatsopano n'kutani?

N'kusimba zinthu ngati zikuchitika pa nthawi imene munthu akuwerengayo. M'malo molemba kuti "Nabanda anatsegula chitseko," mlembi amalemba kuti "Nabanda akutsegula chitseko." Chasintha ndi mneni basi: pamene panali -na- pabwera -ku-.

Nanga phindu lake n'lotani?

Wowerenga amayendera limodzi ndi mpangankhani, onse osadziwa zakutsogolo. Munthu akati "ndinathawa," tadziwiratu kuti anapulumuka, poti si uyu akusimbayu. Koma akati "ndikuthawa," mtima umakhala m'mwamba chifukwa mathero sakudziwika.

Kodi buku lonse lingalembedwe choncho?

Inde. J.M. Coetzee wa ku South Africa analemba motero buku lake la *Disgrace* la mu 1999, chimodzimodzinso Hilary Mantel wa ku Britain mu *Wolf Hall* la mu 2009. Komabe nkhani ikamatalika, mavuto a njirayi amayamba kuonekera.

Vuto loyamba ndi liti?

Ndi kutopetsa. Taonani: "Nabanda akudzuka. Akusesa pabwalo. Akukoleza moto. Akuona magazi pakhomo." Ziganizo zonse zikumveka mofanana, moti magazi aja sakudzidzimutsa kuposa kusesa, ndipo masamba 200 otere wowerenga sangawamalize.

Ndingakonze bwanji zimenezi?

Chotsani ntchito zosafunika, ndipo sakanizani -ku- ndi aneni osonyeza zimene zangochitika kumene. Mwachitsanzo: "Nabanda wasesa kale, moto wayaka. Akubwerera m'nyumba, n'kuona magazi pakhomo." Tsopano -ku- watsala pamalo amodzi okha, pamene pagona nkhani.

Nanga ngati nkhani yanga ikutenga zaka zambiri?

Apa m'povuta, chifukwa nthawi yatsopano imakoka mlembi kuti asimbe chilichonse motsatana. Dulani chaputala, chotsatiracho muchiyambe ndi chizindikiro choonekeratu, monga "Padutsa zaka zitatu, mwana uja akuyenda." Dziwaninso kuti wosimba nkhani sangatsogole kunena kuti tsikuli n'lomaliza kuonana ndi mayi ake, popeza iyenso sakudziwa.

Zakale za mpangankhani ndizilowetse bwanji?

Zilembeni m'nthawi yakale, kenako mubwerere msanga. Chenjerani ndi -ma-: papepala "amaphika" angatanthauze chizolowezi cha lero kapena zomwe zinkachitika kale, chifukwa kusiyana kwake kumamveka polankhula pokha. Pokumbukira zakale lembani "ankaphika," wowerenga asasokonezeke.

Ndingadziwe bwanji kuti njirayi siyikuyenda?

Werengani chaputala chimodzi mokweza, mukulemba mzere kunsi kwa mneni aliyense. Mukapeza "anatuluka" pakati pa "akulankhula" ndi "akuseka" popanda chifukwa, ndiye kuti dzanja latererekera ku nthawi yakale. Zikamachitika tsamba lililonse, kapena mukaona kuti mbali yaikulu ya buku ndi zokumbukira, nkhaniyo ilembeni m'nthawi yakale.