Lisiti la pa foni: ndalama yolipira ndi iti?

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi ena a ku Mangochi. Akuti mphwawo amawagulira katundu wa geni ku Joni n'kuwatumizira chithunzi cha lisiti pa foni. Lisitilo likuti TOTAL R1,150, pansi pake VAT R150. Akufunsa kuti, kodi am'bwezere R1,300?

Katswiri: Ayi mayi, musaphatikize. Mum'bwezere R1,150 basi. M'masitolo ogulitsa kwa anthu wamba ku South Africa, mtengo wa pashelefu umakhala ndi msonkho kale. Mzere wa VAT ukabwera pansi pa TOTAL, ukungokuuzani kuti mwa ndalama mwalipirayo, yopita ku boma ndi ingati. Msonkho kumeneko ndi 15 peresenti. Katundu wanuyo anali wa R1,000, msonkho wake R150, zonse pamodzi R1,150.

Muulutsi: Nanga SUBTOTAL ija, bambo, imalowa pati?

Katswiri: Imeneyo ndiyo imasokoneza anthu, chifukwa makina sasindikiza mofanana. Ku mahoselo ena mupeza SUBTOTAL R1,000, kenako VAT R150, pomaliza TOTAL R1,150. Pamenepo msonkho akuchita kuwonjezera. Kwina SUBTOTAL imakhala ndi msonkho kale, ndiye imafanana ndi TOTAL, pokhapokha ngati achotserapo mtengo pakati pake. N'chifukwa chake ine sindikhulupirira dzina la mzere ndisanawerengetsere. Yang'anani m'munsi, pamene alemba CASH ndi CHANGE. Ngati mphwanu anapereka R1,200 n'kulandira chenji cha R50, yatuluka m'thumba mwake ndi R1,150. Ndipo samalani, pakuti R1,200 ija ndi nambala yaikulu kuposa zonse palisitipo, diso limathamangira pomwepo, koma si mtengo wa katundu.

Muulutsi: Bambo ena a ku Dedza akuti anagula zinthu za R500 ku Joni komweko, koma VAT yangokhala R30. Kodi makina analakwitsa?

Katswiri: Sanalakwitse. Zakudya zina, monga ufa wa chimanga, mazira ndi buledi wa bulauni, msonkho wake ndi ziro. R30 ndi msonkho wa katundu wa R230, kutanthauza kuti wa R270 wotsalayo analibe msonkho. Malisiti ambiri amaika kachizindikiro pambali pa zinthu zoterozo, n'kufotokoza tanthauzo lake m'munsi.

Koma ndidandaule pang'ono za zithunzi. Zambiri zimene timalandira n'zoduka m'munsi, kumene kuli CASH ndi CHANGE. Zilembo za papepala la lisiti zimafufutika likakhala padzuwa, moti 8 amaoneka ngati 3. Ndiponso mukajambula mopendeketsa, nambala imaoneka ngati ya mzere wapamwamba kapena wapansi. Wongolani pepalalo patebulo, foni ikhale pamwamba pake ndendende, mujambule tsiku lomwelo. Likakhala lalitali, jambulani kawiri, koma mzere womaliza wa chithunzi choyamba uonekenso pa chachiwiri.