Ngongole ya nyumba: werengerani kuchokera pa mwezi wovuta

Amayi anzanga, ambiri akafuna ngongole yomangira nyumba amayamba ndi kufunsa mmisiri kuti nyumbayo idya ndalama zingati, kenako n'kupita kukapempha ndalama zomwezo. Funso loyamba lizikhala lina: kodi pakhomo pathu tingathe kubweza zingati mwezi uliwonse, ngakhale mu Febuluwale, osachepetsa ndiwo kapena kuimitsa mwana sukulu?

Tiyerekeze banja lina la ku Lirangwe. Bambo ndi mphunzitsi, ndipo akawadula msonkho ndi zina zonse amatsala ndi K350,000. Mayi amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Miyezi yokolola amapindula K120,000, koma nthawi ya dzinja phindu limatsika kufika pa K40,000. Powerengera titenga K40,000 yo, chifukwa wobwereketsa sadziwa dzinja. Ndalama zomwe mwana wa ku Joni amatumiza akakumbukira sitiziwerengera ayi. Choncho banjali limapeza K390,000 pamwezi.

Muyeso womwe ndimaukhulupirira ndi wakuti ngongole zonse pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe mumapeza. Apa ndiye kuti K130,000. Mawu oti “zonse” ndi amene amativuta. Mayiwa akubweza K35,000 pamwezi ku banki mkhonde, ndipo sola ya m'nyumba amalipira K15,000. Zimenezi ndi ngongole ndithu, monganso feteleza wotenga pangongole, chipereganyu chomwe munalandira kale, ndi katapila yemwe mwina bambo sanakuuzeni. N'chifukwa chake masamuwa muzichita muli awiri, kope lili patsogolo. Tikachotsa K50,000, patsala K80,000.

Musalonjeze K80,000 yonseyo. Siyani mpata wopumira, gawo limodzi mwa magawo asanu, lomwe ndi K16,000, ndipo muziisungadi padera mwezi ndi mwezi. Ife a kuchipatala timaona momwe mayi wobereka mwa opaleshoni amakhalira masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo osatha kusenza dengu la malonda, kapena momwe kudikirira wodwala kumatsekera bizinesi. Mitengo nayo siima. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu zambiri zinakwera, koma malipiro sanakwere tsiku lomwelo. Komanso mabanki ambiri amasintha chiwongoladzanja ngongole ili m'kati. Ndiye banja lathuli lingathe kubweza K64,000 pamwezi. Lisanasaine, liyese kaye kusunga K64,000 kwa miyezi itatu. Likapezeka kuti likukongola ufa mwezi usanathe, ndiye kuti ndalamayo yachulukabe.

Tsopano K64,000 ingabweze ngongole yaikulu bwanji? Tiyerekeze kuti chiwongoladzanja ndi 30 peresenti pachaka, chowerengedwa pa ndalama yomwe yatsala kubweza. Pa zaka zitatu, K1,000,000 iliyonse imafuna pafupifupi K42,500 pamwezi. Ndiye banjali lingakongole K1,500,000, ndipo pomaliza lidzakhala litabweza pafupifupi K2,300,000.

Wina angakuuzeni kuti mutalikitse nthawi kuti mutenge zambiri. Onani bwino. Pa zaka zisanu, K64,000 yomweyo ikupatsani ngongole yosafika K2,000,000, koma mudzabweza K3,840,000. Mwawonjezera ndalama zosakwana K500,000 m'manja, n'kudzisenzetsa zoposa K1,500,000 zina zobweza. Kwa ine malonda amenewa ndi oipa.

Pali msampha wina. Obwereketsa ena amawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yonse yomwe munatenga poyamba, ngati kuti simukubweza kalikonse. Nawonso adzanena kuti “30 peresenti”, koma pa K1,500,000 ija muzilipira pafupifupi K79,000 pamwezi kwa zaka zitatu, ndipo mpata wopumira uja watha. Kaya ndi ku banki, ku SACCO kapena ku bungwe lina, pemphani pepala losonyeza zobweza mwezi uliwonse ndi zonse pamodzi. Funsaninso ndalama zomwe amadula ngongole isanatuluke, monga za inshulansi, chifukwa mumalandira zochepa koma mumabweza yonse.

Ndikudziwa kuti K1,500,000 simanga nyumba masiku ano, makamaka cha ku Chileka komwe malo akwera mtengo pamene tauni ya Blantyre ikufalikira kumeneko. Koma yankho si kutenga yaikulu. Mangani pang'onopang'ono. Maziko ndi zipupa za zipinda ziwiri zichokere m'zosunga zanu, ngongole ilowe pa denga, pakuti zipupa zosafolera zimawonongeka ndi mvula. Banja lomwe likulipira lendi lisaiwale kuti lidzalipirabe lendiyo mpaka tsiku losamuka. Ngati lendi ndi K40,000, aione ngati ngongole inanso, ndipo masamu ayambirenso pa K40,000 yotsala m'malo mwa K80,000.