Mpatuliro pa Malonje ndi pa Mayina: Zoyenera ndi Zosayenera Polembera Gulu Lonse la Kuntchito

Uthenga wolembera munthu mmodzi suvuta mwini wake. Koma uthenga wopita kwa onse ogwira ntchito, kaya pa imelo kaya pa gulu la WhatsApp, umawerengedwa ndi anthu ambiri, ndipo aliyense akaona dzina lake amafuna kudziwa msanga ngati akulankhula naye kapena akungonena za iye. Ntchito ya mpatuliro (,) pa malonje ndi pa mayina ndi imeneyi basi: kulekanitsa munthu amene tikulankhula naye ndi nkhani imene tikumuuza. Tikamayankhula pakamwa, mawu athu amagwira okha ntchitoyi chifukwa timapuma pang'ono. Polemba, wowerenga satimva kupuma, choncho mpatuliro ndiwo umaima m'malo mwake. Mayina a m'zitsanzo zili m'munsizi ndi ongoyerekezera.

1. Pothera pa malonje

*Zoyenera:* Malonje akhale pa mzere wawowawo, atsekedwe ndi mpatuliro, nkhani iyambe pa mzere wina ndi chilembo chachikulu. Ndi mmene timalembera malonje a kalata, ndipo uthenga wa pafoni susiyana.

Okondedwa anzanga,
Msonkhano wa Lachisanu wasunthidwa.

*Zosayenera:* Musalumikize malonje ndi nkhani popanda chizindikiro. Mukalemba kuti "Moni anzanga msonkhano wasunthidwa", diso limathamanga mpaka kumapeto kenako n'kubwerera kukafuna pamene moni wathera.

2. Pakati pa moni ndi amene mukuwapatsa moniwo

*Zoyenera:* Ngati mawu a moni akhoza kuima paokha, ikani mpatuliro pakati pa moniwo ndi anthu amene mukuwapatsa: "Moni, anzanga." "Zikomo, a Phiri." "Pepani, Mayi Gondwe." Mawu akuti moni, zikomo ndi pepani ndi okwanira okha, ndipo dzina likungosonyeza amene akuuzidwa. Anthu ambiri pafoni amangolemba kuti "Moni nonse," ndi mpatuliro umodzi kumapeto, ndipo palibe amasokonezeka nazo. Pa uthenga wa tsiku ndi tsiku zimenezo n'zololeka, koma uthenga wolemera, monga wolengeza za malipiro kapena za maliro, ulembedwe mosamala. Chachikulu n'chakuti musankhe njira imodzi ndi kuitsata.

*Zosayenera:* Musadule mawu amene akugwirana. "Okondedwa, anzanga" n'kulakwitsa chifukwa "okondedwa" akufotokoza anzanuwo, si moni woima payekha. N'chimodzimodzi ndi "Moni, kwa nonse". Mawu akuti "kwa" amanga kale moniyo ndi anthu ake, ndiye palibe chopatula. Lembani kuti "Okondedwa anzanga," kapena "Moni kwa nonse," osaika kanthu pakati.

3. Moni wofunsa

*Zoyenera:* Moni wathu wambiri ndi funso, choncho atsekedwe ndi mfunsiro, ndipo mpatuliro ukhale dzina lisanabwere: "Mwadzuka bwanji, anzanga?" "Mwaswera bwanji, a Banda?"

*Zosayenera:* Musatseke funso ndi mpatuliro n'kupitiriza nkhani, monga "Mwadzuka bwanji, msonkhano wasunthidwa." Apa mwafunsa munthu za moyo wake koma simunamupatse mpata woyankha. Musaunjikenso zizindikiro ziwiri, mfunsiro ndi mpatuliro, pamalo amodzi. Chimodzi chikwanira.

4. Dzina lobwera kumapeto kwa chiganizo

Apa ndiye pagona vuto lenileni m'Chichewa. Timalemekeza munthu poika "a" kutsogolo kwa dzina lake: a Phiri, a Mwale. Koma "a" yemweyo ndiye amasonyeza umwini pa mayina monga makiyi, mabuku, malisiti, mapepala ndi malipoti, zinthu zomwe zimatchulidwa tsiku lililonse mu ofesi. Pa pepala, "a" waulemu ndi "a" waumwini amafanana ndendende.

*Zoyenera:* Ikani mpatuliro dzina lisanabwere ngati mukulankhula ndi mwini dzinalo. "Tumizani malisiti, a Phiri" akuuza a Phiri kuti atumize malisiti. "Funsani, a Mwale" akuuza a Mwale kuti afunse. Mukakayika, nenani chiganizocho mokweza. Pamene mukuitana munthu, mawu amakoka pang'ono pa "si" wa "malisiti" n'kupuma dzina lisanabwere. Pamene mukunena za umwini, "malisiti a Phiri" amatuluka mu mpweya umodzi. Khutu la mwini chiyankhulo sililakwa pamenepa.

*Zosayenera:* Musausiye mpatulirowu poganiza kuti anthu adziwa okha. "Tumizani malisiti a Phiri" akuuza gulu lonse kuti litumize malisiti amene mwini wake ndi Phiri. "Funsani a Mwale" akutumiza aliyense kwa a Mwale kukafunsa. Mawu ndi omwewo, koma wotumidwa wasintha. Pa gulu la anthu ambiri, lamulo lopanda mwini limathera pawiri: aliyense aganiza kuti mnzake achita, kapena anthu angapo achita ntchito imodzi.

5. Dzina lobwera pachiyambi kapena pakati

*Zoyenera:* Dzina likakhala pachiyambi, mpatuliro ubwere pambuyo pake: "A Banda, mutsegule sitolo." Likakhala pakati, mipatuliro ikhale iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo: "Musaiwale, a Banda, kutseka mawindo." Njira yoyesera ndi kuchotsa dzinalo. Ngati chiganizo chikadali chomveka ndipo lamulo silinasinthe, dzinalo linali loitanira, ndipo liyenera kupatulidwa mbali zonse.

*Zosayenera:* Musaike mpatuliro mbali imodzi yokha. "Musaiwale a Banda, kutseka mawindo" amayamba kumveka ngati mukuuza gulu kuti lisaiwale a Banda. Musapatulenso dzina la munthu amene mukungonena za iye. Mu chiganizo chakuti "A Banda atsegula sitolo", a Banda ndi mwini nkhani, ndipo mneni akuyamba ndi "a". Mu chiganizo chakuti "A Banda, mutsegule sitolo", mneni akuyamba ndi "mu", kusonyeza kuti mukulankhula nawo. Yang'anani mneni ndipo adzakuuzani ngati mpatuliro ukufunika.

6. Mawu aulemu ndi maudindo

*Zoyenera:* Mawu aulemu ndi dzina zikhale pamodzi, mpatuliro ubwere zonse zitatha: "Bambo Phiri, tabwerani ku ofesi." "Abusa Mwale, mutitsegulire ndi pemphero." Udindo ukaima wokha m'malo mwa dzina, nawonso upatulidwe: "Zikomo, bwana." "Amfumu, takulandirani."

*Zosayenera:* Musalembe kuti "Bambo, Phiri" kapena "Mayi, Gondwe". Mwagawa munthu mmodzi pawiri, ndipo choipa kwambiri n'chakuti dzina latsala lopanda ulemu, ngati mukuitana mwana. "Moni, anzanga, nonse" ali ndi vuto lomwelo: "anzanga nonse" ndi gulu limodzi.

7. Mayina angapo

*Zoyenera:* Patulani mayinawo ndi mipatuliro, dzina lomaliza mulilumikize ndi "ndi", kenako mutseke mndandanda wonse ndi mpatuliro: "A Phiri, a Banda ndi Mayi Gondwe, mufike m'mawa." Mawu akuti "ndi" akusonyeza kuti mndandanda watha, ndipo mpatuliro womaliza ukusonyeza kuti onse atatu akuuzidwa.

*Zosayenera:* Musaike mayina awiri motsatizana popanda "ndi". "A Phiri, a Banda akudikirani" akuuza a Phiri okha kuti a Banda ndiwo adzawadikira. Ngati mumafuna kuuza onse awiri kuti wina adzawadikira, chiganizocho chanena zina.

Uthenga umodzi, tiwuone bwino

Tiyerekeze kuti woyang'anira sitolo ya zipangizo za ulimi walembera gulu lake madzulo motere:

Moni anzanga mwaswera bwanji, mawa tiwerenga katundu. Bweretsani mabuku a Mayi Gondwe. Funsani a Mwale za galimoto. A Phiri, a Banda adzakudikirani ku depoti 8 koloko. Zikomo nonse

Iye amafuna kuti Mayi Gondwe abweretse mabuku, a Mwale afunse za galimoto, ndipo a Phiri ndi a Banda apite ku depoti kumene dalaivala adzawadikira. Koma taonani zimene gulu lawerenga. Mayi Gondwe aona kuti wina abweretsa mabuku awo, ndiye iwo sanyamula kanthu. A Mwale akhala phee kudikira kuti afunsidwe, pamene anzawo akuwaimbira foni kufunsa za galimoto imene sanaifufuze. A Banda aganiza kuti ntchito yawo ndi kukadikira a Phiri, ndipo za dalaivala palibe akuzidziwa. Ntchito zitatu zasokonekera, chonsecho palibe liwu limene lalembedwa molakwika.

Kuika mpatuliro pa "mabuku, a Mayi Gondwe" kukonza tanthauzo, koma mpatuliro uli ndi malire ake. Ndi kachizindikiro kakang'ono, ndipo munthu wowerenga pafoni ali m'minibasi akhoza kukadumpha. Choncho pamene lamulo lili lofunika, musadalire mpatuliro wokha. Sunthirani dzina kutsogolo, mneni ayambe ndi "mu", wochita ntchito aliyense atchulidwe, ndipo ntchito iliyonse ikhale ndi mzere wake:

Moni, anzanga nonse,
Mwaswera bwanji? Mawa tiwerenga katundu.
Mayi Gondwe, mubweretse mabuku.
A Mwale, mufunse za galimoto.
A Phiri ndi a Banda, dalaivala adzakudikirani ku depoti 8 koloko.
Zikomo, nonse.

Tsopano aliyense akupeza dzina lake kumanzere, ntchito yake kumanja, mpatuliro pakati. Ngakhale wina ataudumpha mpatulirowo, "mubweretse" ndi "mufunse" akusonyezabe amene akutumidwa. Onaninso kuti mpatuliro wamamatira ku liwu la kumbuyo kwake, ndipo mpata ukubwera pambuyo pake. Kulemba "Mayi Gondwe ,mubweretse" kumasokoneza diso. Mukatchula munthu ndi chizindikiro cha @ pa WhatsApp, lamulo silisintha: dzinalo likhoza kuoneka ndi mtundu wina, koma mtunduwo sunena ngati mukulankhula naye kapena mukunena za iye.

Musanatumize uthenga wa gulu, pitani pa dzina lililonse limene mwalemba ndipo mudzifunse funso limodzi: kodi munthuyu ndikulankhula naye, kapena ndikunena za iye? Ngati mukulankhula naye, mupatuleni mbali zonse, ndipo ngati n'kotheka muikeni pachiyambi cha mzere. Ngati mukunena za iye, musiyeni m'chiganizo popanda mpatuliro. Samalani kwambiri pamene dzina latsatana ndi mawu monga makiyi, mabuku kapena malisiti, chifukwa pamenepo ndi pamene ntchito ya munthu mmodzi imasanduka ya wina.