Ndasankhidwa ku yunivesite koma chaka chino sindingapite: malo anga asungidwa bwanji?

Kalata yoyamba imene muulutsi anawerenga pa pulogalamu yake madzulo ena inachokera kwa Jenala, m'boma la Phalombe, ndipo inali yolembedwa pa pepala long'amba m'kope. Mnyamata amene anailemba anati dzina lake latuluka pa mndandanda wa NCHE, wasankhidwa kukaphunzira ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Koma bambo ake anamwalira miyezi iwiri yapitayo, ndalama za nandolo zinathera kuchipatala ndi pamaliro, ndipo mayi ake atsala ndi ana atatu aang'ono. "Anzanga akuti ndingokhala phee, chaka chamawa ndidzangopita chifukwa dzina langa lilipo kale. Kodi ndi zoona?"

Mlendo wa pulogalamuyo, mayi amene anagwirapo ntchito zaka zambiri mu ofesi ya rejisitala wa yunivesite ina, sanadikire kuti muulutsi amalize kupinda kalatayo.

"Mwananga, anzakowo akukusocheretsa. Dzina la pa mndandanda silisunga malo. Amene sanabwere kudzalembetsa, ndipo sanalembe kalata, ofesi imangomuwerenga kuti malowo wawakana."

Mayiwo anafotokoza kuti NCHE imagwirizanitsa ntchito yosankha ophunzira a mayunivesite a boma asanu ndi imodzi: ya Malawi, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST. Dzina likangotuluka, nkhani yonse imakhala m'manja mwa sukulu imene yakutenga. Choncho pempho losungitsa malo silipita ku NCHE, silipitanso kwa mphunzitsi wina amene achibale amamudziwa. Limapita kwa rejisitala, polemba, nthawi yolembetsa ophunzira atsopano isanatsekedwe. Tsiku limenelo lili pa kalata yoitanira kusukulu kapena pa chidziwitso cha yunivesite, ndipo sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake, ndiye chinthu choyamba ndi kuwerenga pepala limenelo mpaka kumapeto.

Muulutsi anafunsa chimene chingachitike ngati mnyamatayo ataya malowo. Apa mayiwo anatchula chinthu chimene ambiri amachiiwala: pofunsira malo kudzera ku NCHE amalandira okhawo amene analemba mayeso a MSCE m'zaka zochepa zapitazo, kawirikawiri zitatu. Wotaya malo ayenera kupikisananso ndi ana atsopano, ndipo ngati satifiketi yake yakalamba, khomo limenelo latsekeka.

Kenaka anayamba kumulembera kalatayo pakamwa, ndime ndi ndime. Ilembedwe m'Chingerezi, tsamba limodzi basi. Pamwamba pakhale keyala, tsiku ndi nambala ya foni imene imagwira. Ndime yoyamba inene kuti iwe ndiwe yani: dzina lonse monga lilili pa satifiketi ya MANEB, nambala ya mayeso, maphunziro amene wasankhidwira, ndi chaka chake. Pomwepo pempho litchulidwe poyera, kuti ukupempha malo ako asungidwe kwa chaka chimodzi cha maphunziro, ndipo utchule chaka chimene udzayambe.

Ndime yachiwiri ndiyo ya chifukwa, ndipo mayiwo anachedwapo. Anati makalata ambiri amene ankawona ankadzaza masamba atatu ndi madandaulo a umphawi wa banja, kuyambira kwa agogo, koma opanda tsiku ngakhale limodzi. Rejisitala alibe njira yotsimikizira chisoni. Chimene angathe kutsimikizira ndi chakuti bambo anagonekedwa m'chipatala mwezi wakuti, anamwalira tsiku lakuti, ndipo ndiwo amene akanalipira fizi. Ziganizo zinayi zikwana.

Ndime yachitatu ambiri sailemba n'komwe, chonsecho ndi imene imakopa wowerenga. Iyankhe funso lakuti chidzasinthe n'chiyani pofika chaka chamawa. Ngati banja lidzagulitsa nandolo ndi mpendadzuwa wa chaka chino, ngati amalume alonjeza kulipira gawo lina, ngati mnyamatayo adzafunsira ngongole ya ophunzira ku HESLGB nthawi yake ikakwana, zonsezo zilembedwe. Wopempha chaka chimodzi popanda dongosolo amaoneka ngati adzabweranso ndi kalata yomweyo.

Za umboni, muulutsi anaseka n'kunena kuti kumudzi umboni wa maliro ndi manda. Mayiwo anavomera kuti n'zoona mabanja ambiri alibe satifiketi ya imfa, koma anati njira ilipo. Ngati munthu anamwalirira kuchipatala, kaya cha boma ku Phalombe kapena cha mishoni cha Holy Family, chipatalacho chimapereka chikalata, ndipo ofesi ya NRB kuboma imatulutsa satifiketi. Ngati anamwalirira pakhomo, poyambira ndi kwa nyakwawa, kalata yake n'kukadinditsa kwa mfumu yaikulu Jenala. Pa za kusowa ndalama, kalata ya ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo imalemera kuposa ya mnansi. Anawonjeza kuti kalata ya ahedi a kusekondale imathandizanso, chifukwa ali ndi chidindo ndi foni imene ofesi ingaimbe. Zonsezi zipite zofotokopa, pamodzi ndi kalata yoitanira kusukulu ndi chiphaso cha unzika. Mapepala enieniwo atsale kunyumba, mu pulasitiki. Amene anaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa chifukwa chake.

Kalata yachiwiri inali ya mtsikana wosankhidwa ku MUST, ku Thyolo. Ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo azakhali ake amuuza kuti alembe zoti akudwala malungo kuti asachite manyazi.

"Ayi, chemwali, musatero," anatero mayiwo. "Malungo satenga chaka. Wowerenga adzaona kuti chifukwa ndi nthawi imene mwapempha sizikugwirizana, ndipo bodza likapezeka limodzi, pepala lililonse limene mwatumiza alikayikira." Anamulangiza kuti apemphe adokotala kapena anamwino a kusikelo amulembere kalata yachidule, yosainidwa ndi kudindidwa, yonena mwezi umene akuyembekezeka kuchira. Buku lonse la kuchipatala asatumize. Muli zambiri zimene ofesi ya sukulu ilibe nazo ntchito. Mu ndime ya dongosolo anene amene adzatsale ndi mwana iye akadzapita kusukulu.

Wina analemba uthenga wapafoni kufunsa ngati chaka chimenecho angachigwiritse ntchito kusintha maphunziro, achoke ku zauphunzitsi apite ku zamalamulo. Yankho linali lalifupi: malo osungidwa ndi omwewo amene unasankhidwira, kusintha ndi pempho lina. Fizi nayonso sisungidwa, udzalipira imene ilipo chaka chimene ukuyamba.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, mayiwo anabwerera kwa mnyamata wa kwa Jenala uja. Anati kutumiza kalata si kuvomerezedwa. Ngati angakwanitse thiransipoti ya ku Zomba, akaipereke yekha, atatenga makope awiri, ndipo apemphe kuti limodzi alidinde tsiku limene kalatayo yalandiridwa n'kubwerera nalo. Ngati sangakwanitse, aijambule bwino ndi foni, aitumize pa imelo ya rejisitala imene ili pa kalata yoitanira, ndipo uthengawo asaufufute. Pakapita masabata awiri opanda yankho, aimbe foni, atchule tsiku limene anatumiza. Mawu apakamwa akuti "musadandaule, taziona" sakwanira, chifukwa amene wawanenayo mwina chaka chamawa adzakhala atasamutsidwa. Afunika kalata ya yankho, ndipo aiwerenge bwino, chifukwa nthawi zina imanena tsiku limene ayenera kulembanso kutsimikiza kuti akubwera.

Muulutsi anafunsa ngati kalata yolemba pamanja imalandiridwa, poti kwa Jenala makompyuta ndi osowa. Mayiwo anati imene iwo ankaikana ndi yosawerengeka yokha, koma ngati mnyamatayo akupita ku Migowi kukafotokopa mapepala aja, angotayipitsa konko.