Roboti ikamamvera pulogalamu yocheza: malire akhale kuti?

Funso: Ndalumikiza ChatGPT ku kamkono ka roboti kuti kazinyamula makapu. Tsiku lina kanamenya tebulo. Nditani?

Yankho: Vuto ndi loti pulogalamu yotereyi imapeka manambala popanda kuona tebulo. Injiniya wosamala saipatsa mphamvu pa mota iliyonse. Amaipatsa malamulo ochepa, monga `move_to(x, y, z)` ndi `grip()`. Kenaka khodi yapadera imayeza lamulo lililonse mkono usanasunthe. Tebulo likakhala pa `z = 0`, pempho la `z = -20` limakanidwa, chifukwa chake n'kubwezedwa kwa pulogalamuyo kuti ikonze.

Liwiro lichepetsedwe m'khodi momwemo. Batani loimitsira lidule magetsi a mota mwachindunji. Mkono ukasuntha lamulo litakanidwa, muzimitse zonse n'kuitana katswiri.