Zimene bipi imawononga m'maso, mumtima ndi mu ubongo

Munthu sakumva kupweteka paliponse. Nanga bipi ikuwononga chiyani?

Ikuwononga mitsempha ya magazi. Bipi ikakhazikika pa 140/90 kapena kuposa apo, magazi amakankha makoma a mitsempha usana ndi usiku. Makomawo amakhuthala n'kuuma, ndipo njira ya magazi imachepa. Izi zimatenga zaka, mwini wake akugwira ntchito bwinobwino.

N'chifukwa chiyani dokotala amaunika m'maso?

Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kolandira kuwala, ndipo pamenepo dokotala amatha kuona timitsempha ndi maso ake popanda kung'amba thupi. Poyamba timaoneka tochepa. Kenako mtsempha wouma umapanikiza unzake pamene yadutsana, ndipo bipi ikakwera kwambiri pamaoneka timadontho ta magazi ndi timawanga toyera. Wodwalayo angakhale akuonabe bwino, koma mtsempha umodzi ukatsekeka diso limachita mdima mwadzidzidzi. Zimene zikuoneka m'diso kawirikawiri zikuchitikanso mu ubongo.

Mtima ukakula, si ndiye kuti walimba?

Ayi. Chipinda chakumanzere, chimene chimapopera magazi thupi lonse, chili ndi khoma lokhuthala pafupifupi sentimita imodzi. Chikamapopa movutikira kwa zaka, khomalo limakhuthala ngati mkono wa wosula makasu, koma limaumanso, moti chipindacho sichidzaza bwino. Madzi amayamba kudikha m'mapapo. Munthu amachita befu pokwera kamtunda, amabanika akagona chagada, mapazi amatupa.

Zinamuchitikira Franklin Roosevelt, pulezidenti wa America. Mu 1937 bipi yake inali 162/98, ndipo mankhwala abwino otsitsira bipi kunalibe. Mu Malichi 1944 dokotala wa mtima, Howard Bruenn, anapeza 186/108, mtima utakula ndiponso ukulephera kupopa. Anamupatsa mankhwala othandiza mtima kupopa n'kumuuza kuti achepetse mchere ndi fodya, koma bipi inapitirira kukwera.

Nanga mu ubongo?

Mkati mwa ubongo muli timitsempha topyapyala tochokera mwachindunji ku mitsempha ikuluikulu, choncho timalandira mphamvu yonse ya magazi. Kena kakatsekeka, kachigawo kakang'ono ka ubongo kamafa. Zikachitika kambirimbiri munthu amayamba kuiwalaiwala ndi kuyenda modzikoka, ndipo n'zachisoni kuti abale amangoti ndi ukalamba. Kena kakaphulika, magazi amakhuthukira mu ubongo. Roosevelt anadandaula mutu waukulu pa 12 Epulo 1945 ku Warm Springs, n'kukomoka. Bipi inali itafika 300/190, ndipo anamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 63.

Pakamwa pakapotoka, mkono ukafooka kapena mawu akamatuluka mosokonezeka, imeneyo ndi sitiroko: wodwala apite kuchipatala nthawi yomweyo.

Kodi zowonongekazo zimakonzeka?

Zina. Munthu akamamwa mankhwala tsiku lililonse, khoma la mtima limatha kuphwerako, ndipo timadontho ta magazi m'diso timazimiririka pakapita miyezi. Chigawo cha ubongo chimene chafa sichibwerera, ngakhale mafizo amathandiza zigawo zina kuphunzira ntchito yake.